Nkhani yanga ya mnyamata wa apu ya mitengo ya mbewu: kodi gawo la kumudzili likumveka zoona?

Cholembera_Chilobwe
Akuluakulu, ndikulemba nkhani yaifupi ndipo ndatsamwa pakati. Ndi ya mnyamata wa ku Ndirande amene wamaliza digiri ya zamakompyuta ku MUBAS, ntchito osaipeza. Dzina sindinam'patse, anzake amangomuti Galajuweti. Wapanga apu yosonyeza mitengo ya chimanga, nandolo ndi tomato m'misika ya Limbe, Lunzu ndi Bvumbwe, kuti alimi asamaberedwe ndi mavenda. Anzake a ku koleji ayiyamikira kwambiri. Kenako akupita nayo ku Chiradzulu kukaiyesa kwa alimi enieni. Gawo lake ndi ili:

"Anatulutsa foni yake, naipereka kwa gogo uja ndi manja awiri. Gogo anapukuta zala pachitenje asanaigwire. 'Dinani apa, agogo,' anatero. Gogo anadina. 'Tsopano apa.' Pasikirini panatuluka mzere wokwera ngati phiri la Ndirande, pansi pake palembedwa K1,200. 'Mwaiona bwanji?' Gogo anamwetulira. 'Ili bwino, mwanangu. Koma ife mafoni otere tilibe.' Mawuwo anamulasa mumtima. Usiku umenewo sanagone."

Akabwerera ku Ndirande akusintha apu ija kuti izigwira pa foni zamabatani, alimi akusangalala, nkhani yatha. Mchemwali wanga wawerenga n'kunena kuti zaphweka kwambiri. Inu amene mumadziwa za ulimi kapena za mapulogalamu, chikusoweka n'chiyani?

Kabaza_wa_Lunzu
Apuyo tiipeze kuti? Ndili ndi matumba anayi a chimanga ndikufuna kudziwa mtengo wa ku Limbe lero.

Cholembera_Chilobwe
Achimwene, ndi nthano chabe iyi, apuyo kulibe.

Kabaza_wa_Lunzu
Aaa ndiye mwatitayitsa bandulo.

Khofi_ndi_Kiyibodi
Ntchito yanga ndi yomweyi, yopanga mapulogalamu ndi kuwayesa kwa anthu, ndiye ndilankhulapo motalikirako.

Vuto la gawo lanulo ndi lakuti Galajuweti sanayese chilichonse. Foni ndi yake, bandulo ndi yake, ndipo akuuza gogo pamene adine. Zimene waphunzira n'zakuti gogo ali ndi chala. Kenako akufunsa kuti "mwaiona bwanji?" Mlendo wakwera minibasi kuchokera ku Blantyre, wavala bwino, wakupatsani foni yake ndi manja awiri. Kodi pali gogo wa ku Malawi kuno amene anganene kuti mwanangu, chinthu chakochi n'chachabechabe? Yankho la "ili bwino" mukanalilemba musananyamuke ku Ndirande.

Kuyesa kwenikweni umam'patsa munthu ntchito yoti achite, osati funso loti ayankhe. Umati: "Muli ndi matumba awiri a nandolo. Pezani kumene mungakagulitse mawa." Ukatero umatseka pakamwa, manja kumbuyo. Apa ndiye pamene pali ululu, ndipo ndi pamene nkhani yanu ingakomere. Munthu amazungulira pasikirini, batani lili pomwepo lalikulu, iye osaliona, iwe mtima ukugunda kufuna kuloza. Akakufunsa kuti "ndidine apa?" umabweza kuti "inu mukuganiza kuti mukadina pachitika chiyani?" Umalemba pamene waima, pamene wabwerera m'mbuyo, pamene wapereka foni kwa mdzukulu. Ndipo poyamba penipeni umamuuza kuti amene akuyesedwa si iyeyo koma chipangizocho, apo ayi amachita manyazi ngati ali m'kalasi.

Sipafunika khamu. Anthu asanu pa ulendo umodzi, mmodzimmodzi, amakuonetsa mavuto ambiri akuluakulu. Ukaona atatu mwa asanuwo agwa pamalo amodzi, vuto si la iwo. Umakakonza, n'kubwera kudzayesa kwa asanu ena atsopano, chifukwa oyamba aja aiphunzira kale njira.

AphunzitsiOpuma
Monga wowerenga, ndikugwirizana nazo. Komanso chotsani "mawuwo anamulasa mumtima" ndi "usiku umenewo sanagone". Ndakhala ndikuwerenga zimangirizo za ana a Folomu 4 zaka zambiri, aliyense amene wakhumudwa sagona. Gogo kupukuta zala pachitenje, kumeneko ndiye kulemba. Musiyeni pomwepo.

Ndata_Mafoni
Koma tisamuvutitse wolembayu, mathero ake ndi olondola. Yankho ndi USSD basi, njira ija yoyimba nambala yoyamba ndi * n'kuthera ndi #. Kumudzi aliyense amadziwa kugula yunitsi ndi kutumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, ndi njira yomweyo. Palibe bandulo, palibe kudawuniloda, foni ya mabatani imatha masiku isanafune tchaji. Mnyamatayo akanayamba ndi zimenezo sipakanakhala nkhani n'komwe.

Khofi_ndi_Kiyibodi
@Ndata_Mafoni mbali ina mwalondola. Koma USSD ili ndi zake. Sikirini imodzi imalola zilembo zosapitirira 182, ndiye mayina a misika atatu ndi mitengo yake zadzadza kale. Munthu akachedwa kuyankha, imaduka yokha n'kuyambiranso pachiyambi. Inu mumayimba za yunitsi mwaloweza manambala, simuwerenga. Gogo amene akuwerenga mzere uliwonse pang'onopang'ono, maso akuvuta, imamudukira asanafike pa mtengo. Ndipo ikatseka, mtengo uja wapita, sangakaonetse amuna ake madzulo. N'chifukwa chake ambiri amatsatiza ndi SMS, koma SMS iliyonse wina ayenera kulipira. Nambala yaifupi yoyimbayo nayo siitoledwa panjira, pali chilolezo ndi mapangano ndi makampani a mafoni. Galajuweti wosowa ya minibasi azitenga kuti?

Ndata_Mafoni
Chabwino, koma pakati pa apu yofuna intaneti ndi USSD yoduka, mlimi asankha chiyani? Ine ndikadali pomwepo.

NaBvumbwe
Nonse mukukangana za foni. Ine ndimalima tomato ndi kabichi, ndipo chimene chandiseketsa m'nkhaniyi ndi K1,200 ameneyo. K1,200 wa chiyani? Ngati mnyamatayo waika tomato pa kilogalamu, sanafikepo pa msika wa Bvumbwe. Ife timagulitsa pa dengu, pa beseni, ogulitsa pang'ono amaika milu. Ndipo dengu la m'mamawa, oguula a ku Limbe ndi ku Ndirande akulimbirana, silifanana ndi dengu lomwelo dzuwa litafika pamutu. Pofika masana umangoti tengani, chifukwa kubwerera naye kunyumba ndi kukataya. Ndiye mtengo wa tomato wa Lolemba, munthu n'kuuwerenga Lachinayi, uli ndi ntchito yanji?

Chimanga nachonso kumudzi timayeza pa ndowa ndi chigoba. Gogo wanuyo akanafunsa kuti "mwanangu, pa ndowa ndi zingati?" Ndiye tione Galajuweti ayankha bwanji.

Cholembera_Chilobwe
Amayi, funso limenelo ndalitenga kale. Ndiye ndowa imodzi ndi makilogalamu angati? Kuti mnyamatayo angoika masamu ake mu apu.

NaBvumbwe
Ndowa yake iti? Yosefukira kapena yodula pakamwa? Timangodziwa kuti ndowa zitatu zodzadza bwino zimayandikira thumba la makilogalamu 50. Koma pali ndowa zina zimene oguula amabwera nazo, zapulasitiki zoviikidwa m'madzi otentha n'kuzitambasula mimba. Ukaiona ndi ndowa, koma imadya chimanga kuposa yako ya pakhomo.

Sikelo_Yolondola
Ndimadikira kuti mufike pamenepa. Ine ndine venda, ndimagula nandolo ndi chimanga ku Chiradzulu ndi ku Thyolo n'kudzagulitsa ku Limbe. M'nkhani zanu zonse venda ndi mbava. Akuba alipo, sindikana, a masikelo okonzedwa ndimawadziwa, ndipo a Malawi Bureau of Standards akabwera kudzayendera masikelo ena amathawa. Koma tiyeni tiwerengere limodzi za gogo wanuyu. Manambala ndikungopeka kuti agwirizane ndi K1,200 wanuyo, musati ndi mitengo ya lero.

Gogo ali ndi matumba awiri a nandolo, makilogalamu 100. Ine pakhomo pake ndikumupatsa K950 pa kilogalamu, zonse K95,000, ndalama m'manja. Apu ikuti ku Limbe ndi K1,200. Galajuweti akuwerengera kuti gogo akuberedwa K25,000.

Tsopano gogo anyamuke. Njinga yofikitsa thumba kumsewu, K1,500 limodzi. Galimoto mpaka ku Limbe, K3,000 thumba. Anyamata otsitsa ndi kunyamula, K1,000 thumba. Pa matumba awiri ndi K11,000. Iye mwini kupita ndi kubwera K8,000. Zakwana K19,000, sanadye kanthu. Akafika, wogula wa ku Limbe amabaya thumba, kuona zinyalala ndi wofumbwa, n'kudula makilogalamu awiri pa thumba lililonse. Atsala 96. Pa K1,200 ndi K115,200, kuchotsa K19,000 zatsala K96,200. Gogo wataya tsiku lonse chifukwa cha K1,200.

Apo n'kuti mtengo sunasinthe. Ngati unali wa Lolemba, Lachinayi wogula wadzadza n'kutsitsa kufika K1,100, gogo alandira K105,600, kuchotsa zoyendera zatsala K86,600. Waluza K8,400, ndipo sangabwerere nawo matumbawo chifukwa ya galimoto yobwezera alibe. Wogula uja akudziwanso zimenezo.

MwanaWaMlangizi
Masamu anu ndi abwino a Sikelo, koma mwaimira pamene pakukomerani. Ikani matumba khumi a anthu asanu a m'mudzi umodzi, apite munthu mmodzi. Makilogalamu 480 pa K1,200 ndi K576,000. Kuchotsa K55,000 ya matumba ndi K8,000 ya woperekeza, zatsala K513,000. Inu pakhomo mukanawapatsa K475,000. Kusiyana kwake K38,000. N'chifukwa chake alangizi amalimbikira za makalabu.

Chachiwiri, gogo safunika kupita ku Limbe kuti mtengowo umuthandize. Akangodziwa kuti kumeneko ndi K1,200, inu mukanena K950 iye ati K1,050, mukumana pa K1,000.

Sikelo_Yolondola
Ati K1,050 ngati ali ndi nthawi. Mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, kapena pali matenda, ndipo m'mudzimo tafikamo mavenda awiri okha. Boma limalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu chaka chilichonse nthawi yokolola, pa wailesi aliyense amamva. Kodi kumva kokhako kunaletsa ndani kugulitsa motsika?

MwanaWaMlangizi
Apo sindikutsutsani. Bambo anga ankati mlimi amagulitsa mu Meyi ngati wolemera n'kudzagula chimanga chomwecho mu Januwale ngati wopempha.

Gogo_wa_Zingwangwa
Kale Admarc inali ndi msika pafupifupi dera lililonse, umangosenza pamutu n'kukagulitsa, mtengo umodzi. Inayamba 1971, likulu lake ku Limbe komweko. Zinthu za mafonizi zabwera chifukwa tinasiya zija.

Ndata_Mafoni
Madala, tikayamba za Admarc pano tifika mawa.

Gogo_wa_Zingwangwa
Ndangonena. Ana inu mumaona ngati dziko linayamba ndi WhatsApp.

Kabaza_wa_Lunzu
Koma zoona ana omaliza sukulu akuvutika. Pa siteji yathu tili ndi wina wa dipuloma akupalasa nafe. Nkhaniyo ikanathera poti wapeza ntchito ku banki, anthu akanaikonda.

AphunzitsiOpuma
Ayi, tisam'patse ntchito ya ku banki. Tibwerere ku funso la mwini nkhani. Ine ndikuona kuti a Sikelo akupatsani munthu wachiwiri wa m'nkhani yanu kwaulere. Galajuweti wanyamuka ku Ndirande akudziwa kale kuti mdani ndi venda. Bwanji gogo atsatire apu ija, apite ku Limbe, abwere ataluza, ndipo amene akumufotokozera mnyamatayo chifukwa chake akhale venda yemweyo? Wowerenga asauzidwe kuti venda ndi woyera. Ndowa yake ikhalebe yotambasula mimba. Koma masamu ake akhale oona.

NaBvumbwe
Aphunzitsi, gogo sangapite ku Limbe chifukwa cha foni ya mwana amene wamuona kamodzi. Zimenezo zingachitike ndi mnyamata wa m'mudzimo, mdzukulu mwina. Akuluakulu amayamba afunsa kuti wanena mtengowu ndani. Ine ndikafuna kudziwa za ku Limbe ndimayimbira mayi wina amene amandiguula, ndamudziwa zaka. Akanama ndidzamuona maso ndi maso Loweruka. Apu ikanama ndikamufunse ndani?

Khofi_ndi_Kiyibodi
Funso la NaBvumbwe ndi limene limapha mapulogalamu ambiri otere, ndipo kuyesa kwa ola limodzi sikungalionetse. Pa ola limodzi umangoona ngati munthu angathe kugwiritsa ntchito chinthucho. Ngati adzachigwiritsedi ntchito, umadziwa pobwerako patapita masabata awiri kapena atatu, n'kuyang'ana m'kaundula wa pulogalamu kuti ndi angati anayimbanso iwe utachoka. Zimachitika kuti onse anati ili bwino, koma palibe amene anabwereranso. Ndiye osafunsa kuti "mudzaigwiritsa ntchito?" Funsa zimene zinachitika kale: "Ulendo watha munagulitsa kwa ndani, mtengo munaudziwa bwanji, munayeza ndi chiyani?"

Ndikanakhala Galajuweti, nditamva zonsezi, meseji yake ikanaoneka motere:

```
NANDOLO, Limbe
K1,200 pa kg, wouma wosankha
Mtengo wa Lolemba m'mawa
Akugula kuyambira matumba 5
1. Imbani wogula
2. Msika wina
```

Taonani kuti nambala ndi yomweyo, koma tsopano ikunena tsiku, mtundu wa katundu, kuchuluka kumene wogula akufuna, ndi munthu woti n'kulankhula naye. Mzere wokwera ngati phiri uja, umene anautayira masabata, wachotsedwa. Kuchotsa chinthu chimene umanyadira chifukwa alimi asanu sanachiyang'ane n'komwe, pamenepo mungalembe ndime yabwino.

MwanaWaMlangizi
Mawu akuti "wouma" amenewo musawapeputse. Pa chimanga ndiye pali nkhondo. Choti chisungike bwino chimafunika chinyezi cha 13 peresenti kapena chapafupi pamenepo. Thumba la makilogalamu 50 logulidwa lili pa 18 peresenti, likauma kufika 13 limatsala 47 ndi kanthu pang'ono. Venda amadula mtengo chifukwa cha zimenezo, koma poti kumudzi kulibe makina oyezera, amangoluma njere n'kunena kuti chachiwisi, ndipo amadula mmene wafunira. Apu singalume chimanga.

Komanso mukasankha nandolo, kumbukirani 2017. Mu Ogasiti chaka chimenecho dziko la India, lomwe limagula nandolo wambiri wa kuno, linaika malire pa nandolo wolowa m'dzikomo, ndipo mitengo kuno inagweratu. Alimi a kum'mwera kuno anali atadzala wambiri chifukwa cha mitengo yabwino ya zaka zam'mbuyo. Mlimi wa ku Chiradzulu amene anapsa chaka chimenecho, ukamuonetsa mzere wa mitengo ukukwera, sasangalala. Amakumbuka.

Cholembera_Chilobwe
Ndalembanso gawo lija. Onani:

"'Muli ndi matumba awiri a nandolo, amayi. Pezani kokagulitsa.' Anapinda manja kumbuyo monga anadzilonjezera. Mayi uja anayang'ana foni, nayang'ana iye. Anadina 1, nawerenga milomo ikuyenda. Asanamalize, sikirini inazima. Anayambiranso. Ulendo wachitatu mtengo unatuluka. 'Chikwi ndi mazana awiri,' anatero mnyamatayo, atalephera kupirira. Mayi sanayankhe. Anatulutsa foni yawo m'kansalu ka m'chiuno, yomangidwa ndi labala, nayimbira munthu. 'Achimwene, nandolo mukugula bwanji lero?'"

Mathero sindinawadziwebe.

AphunzitsiOpuma
Tsopano ndiye nkhani. Koma palibe amene amanena "chikwi ndi mazana awiri" pa msika. Alankhule mmene anthu amatchulira ndalama.

Ndata_Mafoni
Mwaipanga USSD yanga kuduka kawiri konse, chabwino. Koma dziwani kuti pa apu yakale ija mayiwo sakanafika ndi pa mtengo pomwe.

NaBvumbwe
Foni ya labala ija ndi yanga ndithu. Koma chinthu china: nthawi zambiri foni ya pakhomo imakhala m'thumba la bambo, ndipo bambo ali ku ganyu kapena ku bawo. Amene amapeta nandolo ndi kudziwa kuti m'nyumba mwatsala ndowa zingati ndi mayi. Galajuweti akapempha amfumu kuti amuitanire alimi, adzabwera azibambo ovala majekete ndi akomiti. Apite kuchigayo kapena kumjigo ngati akufuna kuyesa kwa anthu ake enieni.

Khofi_ndi_Kiyibodi
Ndipo asawayese pagulu pansi pa mtengo. Akalankhula wapampando, onse amavomera.

Sikelo_Yolondola
Mathero ndikupatseni funso limodzi. Mitengo ya ku Limbe, Lunzu ndi Bvumbwe, m'mawa uliwonse akumutumizira ndani? Iye ali ku Ndirande. Akalemba anyamata atatu oti aziyenda m'misika, aziwalipira ndi chiyani, poti mlimi salipira meseji? Akasiya kuwalipira, azingokhala kunyumba n'kutumiza mtengo wa dzulo. Akati afunse amene amadziwa mitengo tsiku lililonse osalipidwa, ndiye ndi ife mavenda. Ndipo ndikuuzeni zoona, ine nditadziwa kuti nambala imene nditumize ikawerengedwa ndi alimi amene ndikawagule mawa, sindingatumize K1,200.

MwanaWaMlangizi
Angathe kufunsa mbali zonse ziwiri. Wogula anene wake, ndipo mlimi amene wagulitsa atumize zimene walandiradi. Zikasiyana kwambiri, wina akunama.

Sikelo_Yolondola
Mlimi wagulitsa kale, ndalama zili m'thumba. Atayirenji yunitsi yake?

Cholembera_Chilobwe
A Sikelo, mundilola ndibwere ku Limbe ndidzakhale pa sikelo yanu tsiku limodzi? Ndikufuna ndione mmene mumadulira makilogalamu aja.

Sikelo_Yolondola
Bwerani nyengo ya nandolo, cha mu Ogasiti kapena Sepitembala, mufike isanakwane 6 koloko. Muvale zakutha, muzidzathandiza kusoka matumba.